Ndime yozungulira mu lipoti la mijigo: tiikonze bwanji?

Lero ndikufuna ndicheze ndi inu amene miyezi itatu ikatha mumakhala pansi n'kulemba lipoti lofotokoza mmene ntchito ya chitukuko ikuyendera: alangizi a m'mabungwe, ogwira ntchito ku khonsolo, alembi a makomiti a chitukuko m'madera, ngakhalenso a mipingo amene mukuyang'anira ntchito yomanga chipinda chophunziriramo kapena kukumba mjigo. Ambiri a inu ntchito mumaidziwa bwino zedi. Mumakwera njinga yamoto m'fumbi, midzi mumaidziwa ndi maina a nyakwawa zake, ndipo munthu atakufunsani pakamwa kuti ntchito yafika pati, mungamuyankhe mosajejema. Koma mukagwira cholembera, zimene mukudziwazo zimamira m'mawu.

Malipoti ambiri opita kwa opereka thandizo amalembedwa m'Chingerezi, koma matenda amene ndikunena pano sasankha chilankhulo. Ndime yozungulira m'Chichewa imazunguliranso ikamasuliridwa. Choncho tigwira ntchitoyi m'chilankhulo chathu, pa ndime imodzi yokha, kuyambira poyamba mpaka itaima bwino.

Tiyerekeze kuti bungwe lina linalonjeza kukumba mijigo m'midzi ya m'chigwa cha Shire pakati pa Julayi ndi Sepitembala. Manambala onse amene nditchule pa ntchito imeneyi ndi ongoyerekezera kuti tiphunzirirepo. Kumayambiriro kwa Okutobala, mlangizi woyang'anira ntchitoyo walemba motere. Tamverani.

"M'miyezi itatu yapitayi ntchito yokumba mijigo yakhala ikuyenda bwino kwambiri ngakhale kuti panali zovuta zina ndi zina monga vuto la mafuta lomwe aliyense akulidziwa komanso makina anawonongeka kwa kanthawi ndiponso m'mudzi wina munagwa zovuta moti msonkhano unalephereka, koma monga tikudziwira madzi ndi moyo ndipo anthu a m'midziyi akhala akuvutika kwa nthawi yaitali, choncho mijigo yambiri yakumbidwa ndipo anthu ambiri makamaka amayi akusangalala ndipo matenda otsekula m'mimba achepa kwambiri, komanso makomiti aphunzitsidwa ndipo anthu anabwera mwaunyinji, ngakhale kuti malo ena madzi ake sanali bwino kwenikweni, ndipo tikukhulupirira kuti mijigo yotsalayo imalizidwa posachedwapa zonse zikayenda bwino."

Ndapuma kangapo powerenga, pamene mlembi sanaikepo mpumiro ngakhale umodzi. Koma kutalika kwa chiganizocho si vuto lalikulu. Vuto lalikulu mungalione mukadziika m'malo mwa munthu amene walandira lipotili ku Lilongwe, amene ali ndi malipoti enanso makumi awiri pa tebulo ndipo ayenera kugamula ngati atulutse ndalama za gawo lotsatira. Iye akufuna kudziwa kuti mijigo inayenera kukumbidwa ingati, yakumbidwa ingati, chalepheretsa yotsalayo n'chiyani, ndipo iyeyo achitepo chiyani. Wawerenga ndime yonse, ndipo sanapeze yankho ndi limodzi lomwe. Chimene wapeza ndi "yambiri", "kwa kanthawi", "mwaunyinji", "posachedwapa". Munthu wozolowera kuwerenga malipoti akaona mawu oterewa atandandalikana, mumtima mwake mumabwera chikayiko chakuti pali chimene chikubisidwa, ngakhale mlembiyo atakhala kuti sanaganizepo n'komwe zobisa kanthu.

Anthu ambiri akauzidwa kuti afupikitse ndime, amayamba ndi kufufuta mawu. Ine ndikuti musayambire pamenepo. Mukafufuta mawu m'ndime imeneyi mutsala ndi chiganizo chachifupi chonena kuti mijigo yambiri yakumbidwa ndipo anthu akusangalala, chimene chili chopanda kanthu mofanana ndi chachitali chija. Ikani kaye cholembera pansi, mutsekule kabati.

M'kabatimo muyenera kupezamo zinthu zimene ntchito yokumba mijigo imasiya m'mbuyo mwake. Muli ndondomeko ya ntchito imene munagwirizana ndi opereka thandizo. Muli pangano limene munasainirana ndi kontirakitala. Muli pepala la mjigo uliwonse limene wokumba amalembapo tsiku limene anayamba, tsiku limene anamaliza, kuya kwa dzenje ndi mamita amene anapezera madzi. Muli zotsatira za kuyeza kuchuluka kwa madzi popopa, ndi zotsatira za ku labotale. Muli kaundula wa amene anabwera ku maphunziro, wokhala ndi masiginecha kapena zidindo za chala. Mulinso buku la tsiku ndi tsiku la woyang'anira ntchito pamalopo. Tengani ndime yanu ija, ndipo pa mfundo iliyonse mudzifunse kuti: pepala limene likundichitira umboni pamenepa ndi liti?

Tiyambe ndi "mijigo yambiri yakumbidwa". Mlangizi wathu watsekula ndondomeko ndipo yanena kuti mijigo 12. Wawerenga mapepala a wokumba ndipo apezeka 9. Apa pali msampha umene umakola anthu abwinobwino. N'zosavuta kulemba kuti mijigo 9 mwa 12 yakumbidwa, ndipo limenelo si bodza. Koma ataona bwino mapepalawo, dzenje limodzi linatsika mamita 60 osapeza madzi okwanira, ndipo lina linapeza madzi koma a ku labotale anati ndi amchere kupitirira mlingo woyenera kumwa, zimene zimachitika kawirikawiri m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje. Paja mlembi anati "malo ena madzi ake sanali bwino kwenikweni"? Nkhani yake inali imeneyi. Ndiye kuti mijigo imene yaikidwa pampu ndipo mayi angapitepo ndi ndowa n'kubwerako ndi madzi ndi 7. Lonjezo la bungwe silinali lokumba maenje. Linali lopereka madzi. Nambala yoyenera kutsogola ndi 7 mwa 12, ndipo 9 ija ibwere pambuyo pofotokoza mmene zinakhalira.

Ndikudziwa kuti kulemba 7 kumawawa pamene dzanja likanatha kulemba 9. Koma ganizirani zimene zidzachitike miyezi itatu ikubwerayi. Mukalemba 9 lero, wowerenga adziwa kuti yatsala itatu. Mu Januwale mudzafunika kufotokoza chifukwa chake mwakumba isanu, ndi kumene ndalama za iwiri yapamwambayo zachokera. Pamenepo funso lidzakhala pa kukhulupirika kwanu, osati pa mijigo ayi.

Tsopano tibwere pa zifukwa. Ndime yoyamba ija inaika zovuta zitatu pa mzere umodzi ngati kuti n'zolemera mofanana: mafuta, makina, ndi maliro. Buku la woyang'anira ntchito likunena zina. Makina okumbira anafika pa 28 Julayi monga mmene ndondomeko inanenera. Kompuresa inawonongeka pa 14 Ogasiti ndipo ntchito inayambiranso pa 2 Sepitembala, kutanthauza kuti masiku 19 anapita makina ali chiimire. Kusowa kwa dizilo kunaimitsa ntchito masiku awiri. Maliro anasuntha msonkhano wa m'mudzi ndi tsiku limodzi, ndipo sanakhudze kukumba ngakhale pang'ono.

Mukuona kuti mlembi anatsogoza mafuta, chifukwa ndi vuto lodziwika limene palibe angamudzudzule nalo. Koma umboni ukuloza ku kompuresa. Pali kachiwerengero kosavuta kamene ndimakonda kuti mlembi aliyense azichita asanatchule chifukwa cha kuchedwa, ndiko kuona ngati chifukwacho n'chokwanira kufotokoza kuchedwa konse. Kuyambira pa 28 Julayi mpaka pa 30 Sepitembala pali masiku 65. Tikachotsapo 21 amene makina sanagwire ntchito, atsala 44. M'masiku 44 amenewo anakumba maenje 9, ndiye kuti dzenje limodzi limatenga pafupifupi masiku asanu, kuphatikizapo kusamuka. Maenje atatu amene sanayambidwe akanafuna masiku 15. Masiku 19 a kompuresa akukwanira kufotokoza zimenezo, pamene masiku awiri a dizilo sangathe. Chikhala kuti masiku otayika anali anayi okha pamene mijigo yotsala ndi itatu, mukanadziwa kuti pali chifukwa china chimene simunachipeze, ndipo mukanayenera kuimbira kontirakitala musanalembe kalikonse.

Nanga maliro aja? Kwathu kuno maliro si nkhani yaing'ono, ndipo mlangizi amene anakhala nawo pa siwa anachita bwino. Koma mu lipoti, chinthu chimalowa ngati chasintha zotsatira za ntchito kapena ngati wowerenga ayenera kuchitapo kanthu. Tsiku limodzi limene silinasunthe kalikonse lingotsala m'buku la woyang'anira. N'chimodzimodzi ndi mawu akuti madzi ndi moyo ndi akuti anthu akhala akuvutika kwa nthawi yaitali. Ndi oona, koma amene akuwerengayo anavomereza kale zimenezo pamene ankapereka ndalama. Malo ake anali m'kalata yopempha thandizo. Ntchito imene tikuchita apa ili ngati ya mayi wopeta mphale pa lichero: gaga akauluka, m'pamene umadziwa kuti chimanga chenicheni chinali chochuluka bwanji.

Za maphunziro sizitichedwetsa. "Anthu anabwera mwaunyinji" yankho lake lili m'kaundula. Makomiti 7 a anthu khumi iliyonse, ndiye kuti oitanidwa anali 70. Amene anasaina masiku onse a maphunziro ndi 61, ndipo mwa iwo 36 ndi amayi. Chenjezo langa n'lakuti muwerenge anthu, osati masiginecha. Maphunziro akakhala a masiku atatu ndipo mwaphatikiza masiginecha a masiku onse, mupeza nambala yoposa 180, n'kulemba kuti mwaphunzitsa anthu amene kulibe.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa mfundo ziwiri zokoma kwambiri m'ndime ija, zakuti anthu ambiri akupindula ndi zakuti matenda otsekula m'mimba achepa kwambiri. Zimenezi ndi zimene mtima umafuna kunena, ndipo ndi zimenenso zimagwetsa malipoti ambiri.

Pa za anthu opindula, pali chizolowezi chotenga nambala ya mijigo n'kuchulukitsa ndi 250, poti muyezo umene umatsatidwa m'dziko muno ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu pafupifupi 250. Mijigo 7 ikupatsani anthu 1,750. Nambala imeneyi ndi yokonzera mapulani. Sikuti wina anapita kukawerenga anthu otunga. Pa mjigo wina angakhale akutungapo anthu 400, pa wina 120. Ngati makomiti ali ndi makaundula a mabanja amene amasonkha ndalama zokonzetsera mjigo, gwiritsani ntchito amenewo ndipo munene kuti mwachokera pamenepo. Ngati makaundulawo sanakonzeke, lembani 1,750 yomweyo, koma muuze wowerenga kuti ndi chiyerekezo chochokera pa muyezo wa anthu 250 pa mjigo. Wowerenga akadziwa kumene nambala yachokera, amadziwanso kulemera kwake. Mu chitsanzo chathu, tinene kuti makaundula alipo ndipo akuonetsa mabanja 412.

Pa za matenda, mlangizi wathu wafufuza m'kabati monse ndipo sanapeze pepala lililonse. Chimene ali nacho n'chakuti amayi awiri pa mjigo wina anamuuza kuti ana asiya kutsekula m'mimba. Mawu a amayiwo ndi ofunika ndipo sindikuwapeputsa. Koma taganizirani nthawi imene akunenedwa. Julayi mpaka Sepitembala ndi nyengo yopanda mvula, pamene matenda a m'mimba amakhala ocheperako kusiyana ndi m'dzinja, mjigo ulipo kapena palibe. Komanso mijigo ina mwa isanu ndi iwiriyo yagwira ntchito masabata atatu okha. Dziko lino linataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, choncho nkhani ya madzi ndi matenda si yolemba mongosangalatsa wowerenga. Munthu akakhulupirira kuti vuto latha m'midzi imeneyi, angathe kusamutsira kwina mankhwala othira m'madzi amene akanabwera kuno mvula ikayamba.

Ndiye pali njira ziwiri zoona. Yoyamba ndi kuichotseratu mfundoyo. Yachiwiri ndi kunena chilungamo kuti zotsatira pa umoyo sizinayezedwe, n'kufotokoza mmene zidzayezedwere. Imene sindikuvomereza ndi yachitatu, yomwe imabwera mlembi akauzidwa kuti lipoti likufuna manambala, iye n'kutenga nambala m'mutu, n'kulemba kuti matenda achepa ndi 40 pa 100 alionse. Ndime yozungulira imangotopetsa wowerenga, koma nambala yopeka imamusocheretsa, ndipo imayenda: ichoka mu lipoti lanu, ilowa mu lipoti la likulu, kenaka wina aitchula pa msonkhano ngati chinthu chotsimikizika.

Tsopano zipangizo zathu zakwana, tingathe kumanga. Dongosolo lake litsate mafunso a wowerenga uja, osati mmene zinthu zinachitikira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Poyamba zimene zachitika poyerekeza ndi zimene munalonjeza, kenaka chifukwa cha kusiyanako, kenaka zimene zichitike ndi tsiku lake, n'kumalizira ndi zimene mukupempha. Imvani ndime yatsopano.

"Pofika pa 30 Sepitembala, mijigo 7 mwa 12 imene inakonzedwa m'gawo lino inali itaikidwa mapampu ndipo ikugwira ntchito. Ikutumikira mabanja 412, malinga ndi makaundula a makomiti a mijigo. Kontirakitala anakumba maenje 9, koma limodzi silinapeze madzi okwanira pa mamita 60 ndipo lina linapezeka ndi madzi amchere poyezedwa ku labotale. Maenje atatu sanayambidwe chifukwa kompuresa inawonongeka kuyambira pa 14 Ogasiti mpaka pa 1 Sepitembala, masiku 19. Kusowa kwa dizilo kunaonjezera masiku awiri. Bungwe linaphunzitsa mamembala 61 mwa 70 a makomiti 7, ndipo 36 mwa iwo ndi amayi. Zotsatira pa matenda otsekula m'mimba sizinayezedwe. Tidzaziyerekeza ndi kaundula wa pa chipatala chaching'ono cha m'derali mvula ikatha. Kontirakitala walonjeza m'kalata kumaliza mijigo isanu yotsala pofika pa 15 Novembala. Pangano likumupatsa iye udindo wolipira dzenje louma, koma silikunenapo za la madzi amchere. Tikupempha chilolezo chogwiritsa ntchito K12 miliyoni pokumba lina m'malo mwake, ndipo yankho likufunika pofika pa 20 Okutobala kuti makina asachoke m'derali."

Mwina mwazindikira kuti ndime yatsopanoyi si yaifupi kuposa yoyamba ija. Mukawerenga mawu, yatsopanoyi yaiposa ndithu. Ena adabwa, poti tinati tikufupikitsa. Kulemba mwachidule kumene ndikunena ine kumayezedwa ndi nthawi imene wowerenga akutaya asanamvetse nkhani. Ndi ndime yoyamba ija, akanaimba foni, inu n'kukhala muli kumudzi kopanda netiweki, akanalemba kalata, inu n'kuyankha patatha sabata. Ndi yachiwiriyi, chiganizo choyamba chokha chamuuza pamene ntchito yaima. Ndipo ndime yoyamba inalibe n'komwe pempho la ndalama, chinthu chokhacho chimene chikanachititsa kuti mudzi wa madzi amchere uja usatsalire. Mlembi anali nalo m'mutu, koma linabisala kuseri kwa mawu akuti "zonse zikayenda bwino".

Tiyeni tiyang'ane pafupi mmene ziganizozi zamangidwira, chifukwa luso lake n'lophunzirika. Chiganizo chilichonse chanyamula mfundo imodzi, kapena ziwiri zogwirana kwambiri. Ndime yoyamba inkalumikiza zonse ndi "ndipo", "komanso", "ndiponso", "choncho". Alumikizi amenewa ndi abwino pocheza, koma mu lipoti amabisa ubale weniweni wa mfundo. Taonani "choncho" uja: anthu akhala akuvutika, choncho mijigo yambiri yakumbidwa. Kuvutika kwa anthu sikunakumbe mjigo. M'ndime yatsopano, "chifukwa" wabwera kamodzi kokha, pamene tili ndi masiku otsimikizira.

China ndi chakuti wochita ntchito akuoneka. M'ndime yoyamba munali "yakumbidwa", "aphunzitsidwa", "imalizidwa". Imalizidwa ndi yani? Mneni wotere amamveka waulemu, ndipo ambiri amaganiza kuti ndiwo kalembedwe ka mu ofesi. Ali ndi malo ake, makamaka pamene wochitayo alibe ntchito kwa wowerenga, monga ponena kuti madzi anayezedwa ku labotale. Koma pa lonjezo ndi pa udindo, tchulani mwini wake. Kontirakitala walonjeza. Bungwe linaphunzitsa. Tikupempha. Tsiku la 15 Novembala likadzafika mijigo isanathe, aliyense adzadziwa khomo loyenera kugogoda.

Za tsikulo, musalitole m'mwamba. Maenje asanu pa masiku asanu lililonse ndi masiku 25. Makina akayambiranso sabata yoyamba ya Okutobala, kukumba kungathe kumayambiriro kwa Novembala, ndipo masiku otsalawo ndi omangira simenti pozungulira mjigo, kudikira kuti iume ndi kuika pampu. Tsikuli n'lotheka. Lilinso ndi chifukwa china: mvula ikayamba, galimoto yolemera yonyamula makina imatitimira m'misewu ya kumidzi, ndiponso madzi a pansi amakwera moti dzenje lokumbidwa m'dzinja lingaoneke la madzi ambiri n'kudzauma mu Okutobala wotsatira. "Posachedwapa" sanganyamule zonsezi, koma tsiku lenileni limatha.

Tinenepo za ulemu wa kalembedwe, poti apa pali kusamvetsetsana. Ena amaganiza kuti lipoti la mu ofesi liyenera kukhala ndi mawu akuluakulu ndi ziganizo zoyamba ndi "n'kofunika kwambiri kudziwitsa kuti" kapena "monga mmene zakhala zikudziwikira". Mawu oterewa amangochedwetsa mfundo pakhomo. Ulemu wa lipoti uli pa kudekha kwa mawu ake. Silidandaula, silidzitama, silinyoza. Mlangizi wathu angakhale atakwiya ndi kontirakitala amene anabwera ndi makina okalamba, ndipo mwina mkwiyo wake ndi womveka. Koma akalemba kuti kontirakitala ndi wosasamala, wayambitsa mkangano umene alibe nawo mboni. Akalemba kuti kompuresa inaima masiku 19, wowerenga aweruza yekha, ndipo kontirakitala sangatsutse buku limene woimira kampani yake anasainamo. Pa chifukwa chomwecho, afotokozi ndi aonjezi monga "kwambiri", "bwino zedi", "mochititsa kaso" achepe. Pamene dzanja likufuna kulemba "kwambiri", imani kaye muone ngati pali nambala yoyenera kukhala pamalopo.

Kufupikitsa nakonso kuli ndi malire ake. Ndaonapo malipoti amene anametedwa mpaka kutsala manambala okhaokha: mijigo 7, makomiti 7, anthu 61. Wowerenga akaona 7 mwa 12 popanda chifukwa, adzipezera yekha chifukwa, ndipo kawirikawiri chimene angaganize chimakhala choipa kuposa chenichenicho. Manambala ochuluka, monga kuya kwa dzenje lililonse ndi malita amene limatulutsa, apite pa tebulo kapena pa masamba oonjezera kumapeto. Ndime isunge zimene tebulo silingathe kunena, ndizo chifukwa, zotsatira zake ndi chigamulo chofunika. Mawu a amayi aja nawonso angathe kupeza malo, pa gawo la maganizo a anthu a m'mudzi, atalembedwa monga zimene amayi awiri ananena pa mjigo wakutiwakuti tsiku lakutilakuti. Kumeneko ndi umboni woona wa zimene anthu akumva. Cholakwika chinali kuwasandutsa chigamulo cha zaumoyo cha midzi yonse.

Ndisabise kuti nthawi zina ndime imazungulira chifukwa cha mantha. Mlangizi wa kumudzi ndiye wamng'ono pa onse, ndipo amaopa kuti akalemba 7 mwa 12 abwana amuona ngati wolephera, mwinanso kontirakiti yake ya ntchito isaonjezeredwe. Mantha amenewa si ongopeka. Apa ndikulankhula ndi inu mabwana amene mumalandira malipotiwa. Mlangizi akakubweretserani nkhani yowawa yolembedwa mwachindunji, inu n'kumukalipira kapena kumuuza kuti akaikometse, mwamuphunzitsa kuti ulendo wina azungulire. Ndipo amene angatayepo ndi inu nomwe, chifukwa vuto la madzi amchere mudzalimva mu Disembala, makina atabwerera kale ku Blantyre, ndipo kuwaitanitsanso kudzafuna ndalama zina zoyendetsera.

Mukamaliza kulemba, musatumize msanga. Pezani mnzanu amene ntchitoyi sakuidziwa, kaya ndi wa ku akaunti kaya mlembi wa pa ofesi, mumupatse awerenge kamodzi kokha. Kenaka mulande pepalalo mumufunse kuti mijigo yatha ingati mwa ingati, chachedwetsa n'chiyani, ndipo abwana akupemphedwa kuchita chiyani pofika liti. Akayankha zonse zitatu, ndime yaima. Akakakamira pa limodzi, bwererani pa chiganizo chimenecho. Mukatero, tengani cholembera chofiira muzungulize nambala iliyonse, ndipo pambali pake mulembe pepala limene yachokera. Onaninso ngati manambalawo akugwirizana okhaokha: 7 yogwira ntchito, iwiri yolephera, itatu yosayambidwa, zonse pamodzi 12. Iwiri ndi itatu, isanu yotsala. Onetsetsaninso kuti 412 wa m'ndime ndi yemweyo amene ali pa tebulo, chifukwa nambala imodzi ikasiyana pa masamba awiri, wowerenga amayamba kukayikira zonse.

Chatsala ndi lonjezo lija limene talemba, lakuti tidzayeza za matenda mvula ikatha. Lonjezo limeneli ntchito yake iyamba sabata ino, osati mu Epulo. Mlangizi wathu apite kwa woyang'anira chipatala chaching'ono cha m'deralo, akumanenso ndi alangizi a zaumoyo amene amaona ana m'midzi isanu ndi iwiriyo, apemphe mwa dongosolo chiwerengero cha ana osakwana zaka zisanu amene anabwera ndi kutsekula m'mimba mwezi ndi mwezi m'dzinja lapitalo, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Safunika maina a ana, manambala okha. Dzinja likubwerali akatenge a miyezi yomweyo, kuti ayerekeze dzinja ndi dzinja linzake. Ngati n'kotheka atengenso a midzi yoyandikana nayo imene sinalandire mjigo, chifukwa matenda akatsika konsekonse, ndiye kuti chawatsitsa ndi china, mwina mvula yochepa kapena mankhwala othira m'madzi amene anagawidwa. Akatsika m'midzi ya mijigo yokha, adzakhala ndi chiganizo chimodzi chimene angathe kuchilemba ndi kuchiimira pamaso pa aliyense.